Bambo ayamba kuiwalaiwala: kodi angasainebe chikalata chopereka mphamvu kwa mwana wawo?

"Bambo anga ali ndi zaka 79, anali mphunzitsi, ndipo amalandira penshoni kudzera ku banki. Mayi anatisiya kale. Kwa zaka ziwiri tsopano akhala akuiwalaiwala: m'mawa amacheza bwinobwino, koma kukamada amafunsa za mayi ngati kuti adakali moyo. Ali ndi nyumba imodzi ku Zingwangwa imene timachititsa lendi ya K250,000 pamwezi, ndipo iwo akukhala ndi ine. Achimwene anga aakulu abwera ndi chikalata choti bambo asaine kapena adinde chala, chowapatsa mphamvu zoyendetsa akaunti ndi kugulitsa nyumbayo, akuti ndalama zake zithandize kuchipatala. Tilipo ana anayi, koma awiri sakudziwa za nkhaniyi. Kodi bambo angasaine movomerezeka? Ngati sangathe, tichite chiyani?" Mayi wa ku Blantyre

Mayi, mtima ukhale m'malo, pakuti mwafunsa chikalatacho chisanasainidwe, ndipo pa nkhani zotere imeneyo ndiyo nthawi imene zinthu zimakonzeka mosavuta. Kuiwalaiwala pakokha sikuchotsera munthu ufulu wosaina. Lamulo limatenga munthu wamkulu aliyense kuti ali ndi nzeru zokwanira zodzisankhira zochita mpaka patapezeka umboni wosonyeza kuti sizili choncho, ndipo zaka 79, dzina la matenda, ngakhale kugonekedwapo m'chipatala cha matenda a maganizo ku Zomba, sizikwanira kukhala umboni umenewo. Funso limene khoti limafunsa ndi lopapatiza kwambiri: kodi munthuyu, pa ola limene ankasaina, ankamvetsa chimene chikalata chimenechi chikuchita? Choncho n'zotheka kuti bambo anu angathe kusaina pepala lina koma osatha kusaina lina, ndiponso kuti angathe 9 koloko m'mawa koma osatha 5 koloko madzulo a tsiku lomwelo.

Madokotala ndi maloya akamayesa kumvetsa kumeneku amayang'ana zinthu zinayi zimene zimayendera limodzi. Munthu azitha kumva mfundo zofunika za nkhaniyo zikafotokozedwa m'chilankhulo chake, azitha kuzisunga m'mutu kwa nthawi yokwanira kuti asankhe, azitha kuyerekeza ubwino ndi kuipa kwake, ndipo azitha kunena chimene wasankha, kaya ndi pakamwa, polemba, kapena ndi manja. Sikofunika kuti adziwe tsiku la mwezi kapena kuti akumbukire chimene anadya dzulo. Sikofunikanso kuti asankhe zimene ana ake akuona kuti n'zanzeru. Nkhalamba imene yakana kugulitsa nyumba ana onse akuiumiriza siinasokonekere mutu chifukwa chokana.

Mfundo imene mabanja ambiri saidziwa ndi yakuti kumvetsa kofunikako kumakula malingana ndi kukula kwa chinthu chimene chikuperekedwa. Ku Mangalande kunali mlandu wa mayi Beaney mu 1978, umene maloya a m'maiko otsatira malamulo ochokera kumeneko, monga lathu lino, amautchula kawirikawiri. Mayiyo, ali ndi matenda oiwala a ukalamba, anasaina kupereka nyumba yake kwa mwana wake wamkazi mmodzi, pamene anali ndi ana atatu ndipo nyumbayo ndiyo inali chuma chake chenicheni. Khoti linati pa mphatso yaing'ono kumvetsa pang'ono n'kokwanira, koma munthu akamapereka chinthu chokhacho chamtengo chimene ali nacho ayenera kumvetsa ngati mmene amafunikira kumvetsera wolemba wilo: adziwe kukula kwa chuma chake, adziwe onse amene akanayembekezera kupindula nacho, ndipo aone kuti enawo atsala opanda kanthu. Mayiyo sanamvetse zimenezi, ndipo khoti linathetsa kuperekako. Kwanu nyumba ikufuna kugulitsidwa osati kuperekedwa ulere, komabe ndi nyumba yokhayo, ndipo ndi imene imabweretsa K3,000,000 pachaka. N'chifukwa chake ndikuona kuti chikalata cha achimwene anu chaphatikiza zinthu ziwiri zosiyana kulemera. Kulola mwana kutapa penshoni kuti agule mankhwala ndi nkhani yopepuka imene bambo angaimvetse bwino lomwe, pamene kulola kuti nyumba igulitsidwe ndi nkhani imene imafuna mutu wogwira kwambiri.

Musanapite kwa loya, yambani mwapita nawo kuchipatala, ndipo chifukwa chake si kalata ya dokotala yokha. Pali kusokonezeka kwa mitundu iwiri kumene achibale amakuphatikiza. Kwina kumabwera pang'onopang'ono pa miyezi ndi zaka, monga mwafotokozera, ndipo nthawi zambiri sikubwerera m'mbuyo. Kwina kumabwera mwadzidzidzi pa maola kapena masiku ochepa, munthu n'kumaodzera, kubwebweta, kapena kuona zinthu zimene palibe, ndipo gwero lake limakhala matenda ena a m'thupi: malungo, chibayo, matenda a m'chikhodzodzo, shuga wotsika kapena wokwera, kuchepa madzi m'thupi, ngakhale mankhwala ogonetsa. Kusokonezeka kwachiwiriku kumafuna chithandizo tsiku lomwelo, ndipo kukachiritsidwa munthu amabwerera pamene anali. Ndaonapo banja likukonzekera zopita kukhoti chifukwa cha gogo amene, atamwa mankhwala a matenda a mkodzo, anayamba kuwerengera yekha ndalama zake za lendi. Matenda a nkhawa yozama nawonso amachititsa okalamba, makamaka oferedwa, kuoneka ngati aiwala zonse. Ndipo musaiwale makutu ndi maso, chifukwa wogontha amene akungovomera ndi mutu amaoneka ngati wamva, pamene wodwala sitiroko amene lilime lalemera amaoneka ngati sakumva koma zonse akuzitsata. Kwa odwala matenda a maganizo amene amabwera n'kupita, lamulo limavomereza zimene munthu wasaina pa nthawi imene mutu uli bwino, bola pakhale umboni wa nthawiyo.

Tsopano mmene kuyesako kumachitikira. Loya wosamala amakumana ndi bambo pa nthawi imene amakhala bwino, kwa iwo ndi m'mawa, ndipo amapempha ana onse kuti atuluke, inu ndi achimwene anu omwe. Izi zimakhumudwitsa ena, koma kholo silinena zakukhosi pamaso pa mwana amene amalidyetsa kapena amene limamuopa. Chikalata, chimene kawirikawiri chimalembedwa m'Chingerezi, amachifotokoza m'Chichewa ndime ndi ndime. Kenaka safunsa kuti "Mwamva, bambo?" popeza yankho la funso limenelo ndi "eya" nthawi zonse, makamaka kwa munthu waulemu wa msinkhu wawo, ndipo aphunzitsi akale amadziwa kubisa kuiwala ndi Chingerezi chosalala. Amafunsa mafunso oti munthu afotokoze yekha: muli ndi ana angati ndipo ndi ndani, muli ndi katundu wanji, pepala ili mukasaina mwana wanu azitha kuchita chiyani, nanga nyumba ikagulitsidwa ndalama ya mwezi ndi mwezi izichokera kuti, ndipo mukasintha maganizo mungatani.

Bambo akayankha kuti, mwachitsanzo, ali ndi ana anayi n'kuwatchula, kuti nyumba ya ku Zingwangwa ili ndi alendi, kuti akufuna mwana wawo aziwatapira ndalama chifukwa miyendo sikulola kuima pamzere, koma nyumba asaikhudze, ameneyo ndi munthu amene akumvetsa, ngakhale ataphonya chaka chimene tili. Akayankha kuti pepalalo ndi la penshoni basi, kapena kuti adikire kaye afunse mayi a kunyumba akabwera kumsika, ndiye kuti pa nkhani ya nyumba kumvetsa kulibe. Loya wabwino amasiya nkhaniyo, n'kucheza zina kwa kanthawi, kenaka n'kubwererako kuti aone ngati yankho likhala lomwelo, ndipo ena amabwerezanso tsiku lina. Mayankho amawalemba mawu ndi mawu n'kuwasunga m'faelo. Kwa munthu wokalamba kapena wodwala, mwambo wabwino ndi woti dokotala amuone tsiku lomwelo la kusaina. Kalata ya dokotalayo isangoti "wodwalayu ali ndi matenda oiwala" kapena "ali bwino", pakuti mawu otero sathandiza woweruza. Inene tsiku ndi ola, chikalata chimene chimakambidwa, mafunso amene anafunsidwa, ndi maganizo a dokotala pa nkhani imeneyo yokha. Ku Blantyre mungayambire kuchipatala cha Gulupu, kumene kuli madokotala a matenda a maganizo.

Za kudinda chala, palibe cholakwika mwa iko kokha. Munthu amene dzanja likunjenjemera kapena amene sanaphunzire kulemba angadinde chala pamaso pa mboni, ndipo pachikalatapo palembedwe kuti chinawerengedwa ndi kumasuliridwa kwa iye ndipo anaonetsa kuti wamvetsa. Koma chala sichilowa m'malo mwa nzeru. Kugwira dzanja la munthu amene sakudziwa chimene chikuchitika n'kulidinda papepala ndi chinyengo, mlandu wa kupolisi, ngakhale wochitayo atakhala mwana wobala amene cholinga chake n'chabwino. Ndiponso mphunzitsi amene wakhala akusaina dzina lake moyo wake wonse akapezeka wadinda chala pa chikalata chogulitsira nyumba, aliyense wochiona pambuyo pake adzafunsa chifukwa chake.

Apa ndifike pa chimene ndikufuna kuti banja lanu limvetsetse koposa zonse. Chikalata chopereka mphamvu chimapanga mwana kukhala nthumwi ya bambo, ndipo nthumwi imachita zokhazo zimene woituma akanatha kuchita yekha. Lamulo lakale limene tinatengera ku Mangalande limati woituma akataya nzeru zoyendetsera zinthu zake, mphamvu ya nthumwi imathera pomwepo, monganso imathera iye akamwalira. Zili ngati wamtengatenga amene mfumu yamutuma: mawu ake amalemera chifukwa kumbuyo kwake kuli mfumu yotha kumuitanitsa ndi kumufunsa. Choncho chikalata chimene mabanja amachithamangira kuti chidzawathandize kholo likadzasokonezeka chimafooka pa nthawi yeniyeni imene amachifunayo. Ku Mangalande anaona vutoli ndipo anakhazikitsa lamulo mu 1985, kenaka lina mu 2005, lolola chikalata chapadera chimene chimapitirira kugwira ntchito munthu atataya nzeru, chikalembetsedwa ku ofesi ya boma yoyang'anira zimenezi. Abale athu okhala kumeneko amabwera ndi maganizo amenewo, koma musatenge chikalata wamba cholembedwa kuno ngati kuti chili ndi mphamvu yofanana ndi chimenecho. Ku South Africa nakonso chikalata wamba chimatha mwini wake akataya nzeru. N'zoona kuti ambiri amapitiriza kuchigwiritsa ntchito mwakachetechete chifukwa banki sinadziwe, koma tsiku limene m'bale mmodzi adzadandaule, zonse zimene zinachitika kuyambira pamene kholo linasokonezeka zidzafunsidwa, ndipo wogwira chikalatayo angadzalipire za m'thumba mwake.

Kodi ndiye kuti n'chopanda ntchito? Ayi. Ngati dokotala ndi loya apeza kuti bambo akumvetsa, gwiritsani ntchito nyengo imeneyi mwanzeru, chifukwa matendawa sadikira. Ine ndikanalangiza chikalata chopapatiza, chotchula akaunti yeniyeni ndi ntchito zenizeni: kutapa ndalama zosapitirira mlingo wakutiwakuti pamwezi, kulandira lendi, kulipira madzi, magetsi ndi msonkho wa nyumba kukhonsolo, ndi kukonzetsa zowonongeka. Chinene mosabisa kuti sichikupereka mphamvu yogulitsa, yopereka, kapena yoika nyumba chikole pa ngongole. Bambo ndiwo asankhe munthu, osati msonkhano wa banja, ndipo angathe kusankha awiri oti azisaina limodzi. Pitani ndi bambo eni ake ku banki ndi chiphaso chawo cha unzika, pakuti mabanki amakhala ndi mafomu awoawo ololeza munthu wina pa akaunti ndipo amafuna kuonana ndi mwini wake. Ali komweko angathe kukonza zoti alendi azilipira molunjika mu akaunti, ndi kuti zolipira za mwezi ndi mwezi zizichoka zokha. Ino ndiyonso nthawi yolemba wilo ngati alibe. Lamulo la 2011 la chuma cha masiye limafuna kuti wilo ikhale yolembedwa, yosainidwa ndi mwini wake ali ndi nzeru zabwino, pamaso pa mboni ziwiri zimene nazonso zisaine. Sankhani mboni zimene sizidzapindula kanthu m'wiloyo.

Kugulitsa nyumba ikhale nkhani yapayokha, ndipo ana onse anayi aidziwe isanayambe. Lamulo silikakamiza bambo kupempha chilolezo kwa ana awo pa katundu wawo, koma chinsinsi ndicho chimene chimagwetsa zikalata zambiri m'khoti. Pali chifukwa china chothetsera chikalata chimene n'chosiyana ndi kusowa nzeru, ndicho kukakamiza mwakabisira kwa munthu amene wosainayo amamudalira. Woweruza akaona kuti amene akupindula ndiye anapeza loya, ndiye analipira, ndiye anabweretsa nkhalamba n'kukhala pambali pake, ndipo abale ena sanauzidwe, amayamba kukayika ngakhale kalata ya dokotala ilipo. Sindikunena kuti achimwene anu ali ndi maganizo oipa; mwina atopa ndi mabilu monga inunso. Koma werengani limodzi masamu ake: ndalama yogulitsa nyumba imabwera kamodzi ndipo imatha mphamvu mitengo ikamakwera, pamene lendi imabwera mwezi uliwonse ndipo imakwezedwa, ndipo munthu wa matenda oiwala angakhale zaka zambiri akufuna womusamalira usana ndi usiku. Ngati malo a nyumbayo analembetsedwa ku ofesi ya zamalo, dziwaninso kuti chikalata chopereka mphamvu pa malo chimayenera kulembedwa mwa dongosolo lake ndi kulembetsedwa kumeneko, sikuti pepala lililonse lodindidwa ndi wolumbiritsa limakwanira.

Nanga akapezeka kuti sakumvetsanso? Pamenepo palibe chikalata chimene angasaine, ndipo palibe mwana, mwinimbumba kapena mfumu amene angasaine m'malo mwawo chifukwa cha ubale wokha. Kalata ya amfumu kapena mgwirizano wa banja zimathandiza ngati umboni wakuti abale agwirizana, koma sizipereka mphamvu pa akaunti kapena pa nyumba. Njira yake ndi khoti. Kuyambira pa lamulo la 1948 la chithandizo cha odwala maganizo, Bwalo Lalikulu la Milandu linapatsidwa mphamvu yosankha munthu woyang'anira chuma cha amene sangathe kudziyendetsera zinthu. Nyumba ya Malamulo inavomereza lamulo latsopano la umoyo wa maganizo mu 2025, choncho loya wanu alembe pempholo motsata malamulo amene akugwira ntchito pa nthawi yopemphayo. Zimene muyenera kusonkhanitsa ndi lipoti la dokotala lonena kuti bambo sangathe kuyendetsa chuma chawo, mndandanda wa katundu ndi ndalama zolowa, mndandanda wa zofunika pa moyo wawo mwezi uliwonse, mayina a ana onse, ndi chikalata cholumbira cha amene akupemphayo. Abale akagwirizana n'kulemba kuti avomereza munthu mmodzi kapena awiri, nkhani imayenda msanga ndipo mtengo umachepa. Akakangana, imatenga nthawi yaitali ndipo ndalama za bambo zomwezo ndi zimene zimathera kwa maloya. Wosankhidwayo sakhala mwini chuma. Amachita zokhazo zimene chigamulo chalola, amayenera kuonetsa mmene wagwiritsira ntchito ndalama, ndipo ngati pafunika kugulitsa nyumba, zimenezo zipemphedwe kukhoti momveka bwino pamodzi ndi zifukwa zake. Ngakhale zitafika pamenepo, bambo azifunsidwabe zimene akufuna pa zinthu zimene angathe kunenapo, monga kumene akufuna kukhala.

Ndikudziwa kuti pakadali pano, monga m'mabanja ambiri, mwina wina akutapa penshoni ndi khadi la bambo chifukwa akudziwa nambala yachinsinsi. Malamulo a banki salola zimenezi, ndipo zimasiya wotapayo poyera akadzanamiziridwa. Pamene mukukonza njira yoyenera, gulani kope, muzilembamo ndalama iliyonse yolowa ndi yotuluka, muzisunga malisiti a mankhwala ndi a chipatala, ndipo mwezi ukatha muzitumiza chithunzi cha tsambalo kwa abale onse. Ndalama za bambo zisasakanizidwe ndi zanu, ngakhale mukudya mphika umodzi.

Pitani kwa loya mwamsanga, osadikira msonkhano wa banja, mukamva kuti chikalatacho chasainidwa kale, mukaona anthu achilendo akuyendera nyumba, alendi akauzidwa kuti asinthe kolipira, kapena zikalata za nyumba zikasowa pamene zimakhala. Loya angalembere wogula, banki ndi ofesi ya zamalo kuwadziwitsa za matenda a bambo, ndipo angapemphe khoti chiletso. Kalata yodziwitsayo ndi yofunika kwambiri, chifukwa pa malonda lamulo limateteza wogula amene sanadziwe kuti wogulitsa anali wosokonezeka ndipo analipira mwachilungamo, pamene wogula amene anauzidwa n'kupitirizabe sangadzanene kuti sankadziwa. Ngati ndalama ya loya palibe, ofesi ya boma ya Ligo Edi ili ndi nthambi mu Blantyre momwemo, ndipo ngati pali kuopseza, kumenya kapena kunena bambo kuti ndi mfiti chifukwa cha zolankhula zawo za madzulo, kanenani kupolisi ku nthambi yothandiza ozunzidwa komanso ku ofesi yosamalira anthu ya m'boma lanu. Sabata ino, pemphani achimwene anu akupatseni kope la chikalatacho kuti loya wosakhala wawo aliwerenge, uzani abale awiri otsalawo, ndipo kapezeni tsiku loonana ndi dokotala m'mawa.